Chinkhoswe cha Timabokosi Tiwiri

Ndiulule ndekha mayi akunyumba asanandiululire, chifukwa nkhaniyi akamaifotokoza iwo ine ndimatulukamo wopanda ndi malaya omwe. Kwa masiku 9 ndinalimbana ndi timabokosi tiwiri toyera, kukula kwake ngati sopo wochapira. M'masiku amenewo ndinaimba mlandu makoma, makoswe akudenga, eni nyumba, mmisiri amene anayala mawaya kalekale, ngakhalenso achemwali anga amene anandipatsa timabokosito mwaulere. Munthu mmodzi yekha ndi amene sindinamukayikire ngakhale pang'ono, yemwe ndimaonana naye pagalasi ndikamameta ndevu.

Nyumba imene timachita lendi ku Chilomoni ndi yakale, ya njerwa zootcha, yomangidwa ndi anthu amene ankaopa akuba kuposa china chilichonse. Rauta imakhala pabalaza pafupi ndi windo, poti m'pokhapo pamene imakoka netiweki bwino. Chipinda chimene mwana wathu wamkazi amawerengeramo chili kumapeto kwenikweni, kuseri kwa makoma atatu ndi bafa. Wayifayi ikamafika kumeneko imakhala itatheratu mpweya, ndipo kompyuta yake ndi ya padesiki, yakale, yofuna chingwe. Ine ndinafuna kuboola khoma n'kudutsitsa chingwecho. Eni nyumba anangondiyang'ana mmene mphunzitsi amayang'anira mwana wopempha kutuluka panja kachitatu.

Ndiye achemwali atabwera kudzacheza kuchokera ku Britain pa Khirisimasi, anatulutsa m'chikwama kabokosi kong'ambika pakona, nati: "Achimwene, izi kwathu tasiya kugwiritsa ntchito, koma ndi zamoyo. Kamodzi mubaye pafupi ndi rauta, kena kuchipinda. Intaneti idzadutsa m'mawaya a magetsi. Ndi zolumikizidwa kale, musazigwiregwire."

Mawu omalizawo ndinawamva, koma monga mmene munthu amamvera mvula ili padenga la mnzake.

Mwayi wake mapulagi a ku Britain ndi ofanana ndi athu, a mano atatu aja, ndipo magetsi ake ndi a mavoti 230 ngati kuno. Panalibe chosintha. Nzeru ya timaadaputa timeneti ndi yokoma kuimva. Magetsi a m'nyumba amapita ndi kubwerera m'waya ka 50 pa sekondi. Kaadaputa kamatenga uthenga wa intaneti kuchokera ku rauta n'kuusandutsa timafunde tofooka koma tothamanga kwambiri, togwedera ka mamiliyoni ambiri pa sekondi, n'kutikweza pa waya womwewo. Kanzake kali kuchipinda kamatitsitsa n'kutibwezeranso m'chingwe cha kompyuta. Zili ngati kupatsira kalata kondakitala wa minibasi: minibasi ili paulendo wake wonyamula anthu, kalatayo yangokwera nawo, ndipo pasiteji pali wina amene akuidikira. Ine nzeru imeneyi ndinaifotokozera banja lonse pa chakudya chamadzulo, supuni ili m'mwamba, ndisanabaye n'kamodzi komwe.

Apa ndiyenera kuulula tchimo lina lakale, chifukwa ndilo linabala enawo. Zaka zingapo zapitazo, m'dzinja, magetsi anazima n'kubwera mwamphamvu, ndipo wailesi yathu yakanema inatulutsa kautsi konunkha ngati tayala. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka m'busa wa mpingo wa magadi. Firiji ili ndi gadi wake. Kanema ali ndi gadi wake. Kuseri kwa kabati kuli ekisitenshoni yodula ya mabowo 6, yoteteza ku magetsi obwera mwaukali, imene ndinaigula ndi ndalama zomwe zikanagula nkhuku zingapo. Kuchipinda kwa mwana kuli mng'ono wake wa mabowo 4. M'nyumba mwanga kubaya chinthu pakhoma mwachindunji unali mlandu, ndipo amene wapezeka ankamva ulaliki wa kautsi kaja kuyambira pachiyambi.

Choncho timaadaputa ndinatilandira monga alendo olemekezeka. Koyamba ndinakakhazika pa ekisitenshoni ya pabalaza, pakati pa kanema ndi dikoda, n'kukalumikiza ndi chingwe ku bowo la rauta lolembedwa `LAN`. Kachiwiri ndinakakhazika pa ekisitenshoni ya kuchipinda. Kalikonse kali ndi timagetsi titatu. Tiwiri tinayaka, kapamwamba ndi kapansi. Kapakati, kojambulidwa kanyumba, kanali zii.

Ziwiri mwa zitatu, kusukulu kwathu kumeneko kunali kukhoza. Ndinalengeza kuti ntchito yatheka, mwana ayatse kompyuta.

"Adadi, palibe chikubwera."

Zinanditengera masiku kuti ndimvetse kuti timagetsi timeneti si malikisi ophatikiza. Kalikonse kamayankha funso lakelake. Kapamwamba kamangonena kuti soketi ili ndi moto. Kapansi kamanena kuti chingwe chapeza rauta kapena kompyuta yoyaka. Tonse tiwiri tingathe kuyaka ngakhale kaadaputa kanzake kali m'sitolo ku Limbe. Kapakati kokha ndiko kamanena kuti timabokosi tiwiriti tikumvana kudzera m'mawaya a nyumba, ndipo ntchito yonse imene achemwali anatibweretsera ili pa kagetsi kameneko.

Pambali pa kaadaputa kalikonse pali kabatani kolembedwa `Pair`. Mwamuna akaona batani, chala chimayabwa chokha. Ndinalidina, ndipo poti kwathu tinazolowera mjigo, umene sutulutsa madzi ukaupopa kamodzi, ndinalikanikiza mpaka chala chinayera, ndikuwerenga chamumtima mpaka 15. Timagetsi tonse tinazima n'kuyakanso. Ndinati eya, kamva. Ndinathamanga kudutsa pakhonde, n'kupunthwa pa beseni la zovala, kukakanikizanso kanzake motalika chimodzimodzi. Nakonso kanazima n'kuyakanso. Kagetsi kapakati zii.

Ndinabwereza ulendo umenewu mwina ka 20 usiku umenewo wokha. Mayi akunyumba anali pampando akusoka batani la yunifolomu, maso ali pa singano. Nditadutsa kachisanu ndi chiwiri anafunsa mofatsa kuti, "Bambo, kodi mwayamba majowajowa kapena mwatsegula m'mimba?"

Chimene sindinkadziwa n'chakuti batani limenelo lili ndi ntchito ziwiri zotsutsana, ndipo chosiyanitsa ndi kutalika kwa nthawi imene chala chakhalapo. Timaadaputa timamvana pokhapokha tikakhala ndi kiyi mmodzi wachinsinsi, amene amabisa uthenga kuti wina wa pa waya womwewo asauwerenge. Ukadina kwa sekondi imodzi yokha, kaadaputa kamatsegula khomo kwa mphindi 2, kudikira kanzake kuti tigawane kiyi. Ukakanikiza motalika, pa tanga n'kupitirira masekondi 10, kamataya kiyi amene kanali naye n'kutuluka m'banjamo. Nthawi yeniyeni imasiyana malinga ndi amene anapanga, ena amafupikitsa, ena amaika bowo lina la `Reset` lobaya ndi singano, koma mwambo wake ndi womwewo: kudina pang'ono ndi kufunsira, kukanikiza motalika ndi kusudzula.

Ndiye taonani zimene ndinachita. Achemwali anandipatsa banja lolongosoka, lomvana kwa zaka. Ine usiku woyamba womwewo ndinalithetsa ndi chala changa, kenako n'kumathamanga uku ndi uku kusudzula anthu osudzulana kale.

Tsiku lachinayi, ndikufuna nambala ya foni yoti ndidandaulireko, ndinatembenuza kabokosi kong'ambika kaja. Mkati mwa chivindikiro munali zithunzi ziwiri zoti ngakhale mwana wa kumkaka angamve. China, kaadaputa kali pakhoma, pambali pake chizindikiro chokhoza. China, kali pa ekisitenshoni, pambali pake mtanda wofiira. Mtima unandipweteka ngati anditukwanira mayi. Komabe ndinadzichepetsa, n'kusuntha kabati, n'kubaya tonse tiwiri pakhoma penipeni, kena pabalaza kena kuchipinda.

Kagetsi kapakati sikanayake.

Chimwemwe chimene ndinali nacho pamenepo n'chochititsa manyazi. Intaneti kunalibe, koma ekisitenshoni yanga inali itapezeka yosalakwa! Ndinaitana banja lonse kudzaona. Ndinati azungu ajambula zithunzi zawo osadziwa magetsi a kuno. Ndipo ndinabwezera timaadaputa pa maekisitenshoni, kuti tisapse.

Apa m'pamene panagona nkhani yonse, ndipo ndikapaganiza mpaka lero ndimagwira kumutu. Zolakwa zinali ziwiri, ndipo zinkabisana. Usiku woyamba timaadaputa tinali tomvana, koma ekisitenshoni inatsekereza mawu awo. Tsiku lachinayi njira inali yotseguka, koma tinali titasudzulana. Kagetsi kapakati kamazima pa zifukwa zonse ziwirizi mofanana ndendende. Sikanena kuti "sindikumva" kapena "ndikumva koma sindikumudziwa ameneyo". Ine ndinachotsa cholakwa chimodzi, n'kuona kuti sizinasinthe, n'kugamula kuti sichinali cholakwa, n'kuchibwezeretsa ndi manja anga. Munthu amene nyumba ikudontha pawiri, n'kumata bowo limodzi, n'kuona mkeka wanyowabe, ndiye n'kukwera padenga kukamatulanso.

Ekisitenshoni itamasulidwa kukhoti, wotsala woimbidwa mlandu anali nyumba. Loweruka ndinaitana mmisiri wa zamagetsi, bambo wachikulire woyenda ndi chikwama cha chikopa ndi tesita m'thumba la shati. Ndinamuuza molimba mtima kuti chipinda cha kumapeto chili pa waya wina wosakhudzana ndi pabalaza. Iye sanatsutse. Anapita pa bokosi la maswichi akuluakulu pafupi ndi khitchini, n'kutsitsa imodziimodzi, mwana akufuula kuchokera kuchipinda kuti yazima kapena ayi.

Zinapezekadi kuti masoketi a pabalaza ali pa swichi ina, a kuzipinda pa ina. Ndinayamba kukonza kukhosi kuti ndilankhule. Koma mkuluyo anandidula: "Bwana, maswichi awiriwa amamwa pa mtsinje umodzi. Mita ndi imodzi, fezi ndi imodzi. Waya wa pabalaza ndi wa kuchipinda amakumana m'bokosi muno." Anafotokoza kuti uthenga wotere umafooka ndithu ukamazungulira kudzera m'bokosimo, poti ulendo umatalika, koma kawirikawiri umadutsa. Pamene zimavuta kwenikweni, anatero, ndi pa nyumba zikuluzikulu za mafezi atatu, chipinda china chikakhala pa fezi ina. Kapena kanyumba ka kuseri kokhala ndi mita yakeyake. Kapena nyumba zimene masoketi ena anawapatutsa kuti azidyera ku inveta magetsi akazima. Ife tinalibe n'chimodzi chomwe mwa zimenezi.

Kenaka anandikumbutsa chinthu chimene chinandichititsa manyazi pang'ono. Anati nzeru yotumiza uthenga m'waya wa magetsi si yachilendo kuno: m'nyumba zambiri mita ili kunja, ndipo kabokosi kolowetsera mayunitsi kamalankhula nayo kudzera m'soketi. "Kaja kakakana, anthu timawauza chiyani? Chotsani pa ekisitenshoni, bayani pakhoma." Anayang'ana kaadaputa kanga kali pa ekisitenshoni, n'kundiyang'ana ine. Ndinamuyankha mwamsanga kuti zimenezo tinayesa kale, sizinathandize. Anangoti, "Chabwino, bwana," mawu amene amisiri amasungira makasitomala odziwa zonse.

Ulendo wake sunapite pachabe. Atamasula soketi ya kuchipinda anapeza waya umodzi uli wolobodoka, sikuluwu yake itamasuka, pulasitiki yozungulira itada ndi kutentha. Anaudula pang'ono n'kuumanga bwino. Waya wolobodoka umafooketsa uthenga wa timaadaputa, koma choopsa chake chachikulu ndi moto, ndipo kumasula soketi ndi ntchito imene ine, ngakhale ndi mtima wanga wodziwa zonsewu, sindiiyandikira. Ndinamulipira, n'kumuperekeza pageti, n'kubwerera kukaona kagetsi kapakati. Zii.

Lamulungu masana ndinali nditakhala pakhonde, timabokosi tiwiri tili pamiyendo, ndikukonza mawu aulemu ouzira achemwali kuti anatibweretsera zinyalala za ku Ulaya. Mayi akunyumba ankasankha nyemba m'lichero. Osadzutsa mutu anati:

"Bambo, ine zamagetsi sindizidziwa. Koma chifikireni timabokosito, munatiikapo m'chipinda chimodzi?"

Ndinati ntchito yake ndi kulumikiza zipinda ziwiri, nanga m'chipinda chimodzi tikatani.

"Ankhoswe akafuna kuyanjanitsa banja, mwamuna amamusiya ku Ndirande mkazi ku Bangwe, iwo n'kumathamanga pakati? Si amawakhazika pamkeka umodzi? Akamvana pamenepo, ndiye muone ngati angamvanenso ali kutali."

Ndinafuna kuyankha. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma mwana anali atatenga kale timabokosito pamiyendo panga, kapepala ka malangizo kali kudzanja lina, kamene kanali pansi pa kabokosi masiku onsewa ndipo ine ndinkakayesa risiti.

Kukhitchini kuli soketi ya mabowo awiri, pamene timabaya ketulo. Anazula ketuloyo, n'kubaya timaadaputa tonse tiwiri moyandikana, pakhoma, popanda chingwe chilichonse, n'kuyatsa maswichi onse awiri. Anadikira pang'ono kuti tidzuke. Anadina batani la koyamba, kungoti go, ngati akugogoda pachitseko cha wodwala. Kagetsi kapamwamba kanayamba kuphethira. Anadina la kachiwiri, go. Nako kanayamba kuphethira. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndithandize kukanikiza bwinobwino, koma anandigwira pamkono.

"Adadi, chonde. Manja m'thumba."

Mphindi isanathe kuphethira kunaleka, ndipo timagetsi tapakati tonse tiwiri tinayaka, tobiriwira ngati msipu wa mu Januwale. Masiku 9, mmisiri mmodzi, chala chotupa ndi beseni losweka, zonse kuthera pa soketi ya ketulo.

Ubwino wa kuyesa moyandikana n'ngwakuti kumadula mafunso onse a nyumba nthawi imodzi. Pakati pa mabowo awiri a soketi imodzi palibe mtunda, palibe bokosi la maswichi, palibe gadi. Kagetsi kakakana pamenepo, utadina moyenera, vuto lili m'timabokosimo: kena n'kakufa, kapena ndi ta mitundu iwiri yosamvana. Tanga n'ta mtundu wa HomePlug AV, ndipo pali mtundu wina wotchedwa G.hn umene sulankhulana nawo ngakhale utadina mpaka chaka chamawa. Wogula kamodzikamodzi pa kaunjika ayenera kuwerenga kaye kumsana kwake. Koma kagetsi kakayaka, wadziwa kuti banja lilipo, ndipo chilichonse chimene chingadzazimitse kagetsiko pambuyo pake chili panjira. Kiyi uja satayika ukazula pulagi kapena magetsi akazima. Ukhoza kunyamula kaadaputa kupita nako kulikonse m'nyumba osadinanso kanthu.

Kuchokera apo mwana ndiye anali woyendetsa, ine wonyamula katundu. Lamulo lake linali loti tisinthe chinthu chimodzi basi, tione kagetsi, ndiye tisinthe china. Koyamba tinakapititsa pakhoma la pabalaza, kachiwiri kakadali kukhitchini: kobiriwira. Kachiwiri tinakapititsa pakhoma la kuchipinda: kobiriwirabe. Tinalumikiza zingwe, timagetsi tapansi tinayaka. Pa kompyuta analemba adiresi ya rauta yathu, imene yalembedwa kunsi kwake:

```
ping 192.168.0.1
```

Mizere inayamba kutsika yoyamba ndi `Reply from`, m'malo mwa `Request timed out` amene ndinali nditamuloweza pamtima ngati vesi. Anandiuza kuti amayesa rauta osati tsamba la pa intaneti chifukwa bandulo ikatha tsamba silitseguka ngakhale timaadaputa tili bwinobwino, ndipo iye amawadziwa bambo ake, angayambirenso kuthamanga pakhonde.

Ndiye inafika nthawi imene ndinkaiopa. Anazula kaadaputa ka pabalaza n'kukabaya pa ekisitenshoni yanga yodula ija. Kapamwamba kanayaka. Kapansi kanayaka. Kapakati tinakadikira, tinakadikira, zii. Anakabwezera pakhoma: kobiriwira. Anabwereza kawiri, mayi ake ataima pakhomo, manja ali m'chiuno, ngati mboni ya boma.

Chifukwa chake, nditachimvetsa, chinandipweteka koposa, poti ekisitenshoniyo sinali yowonongeka ayi. Inkagwira bwino lomwe ntchito imene ndinaigulira. Mkati mwa gadi wotere muli tizipangizo timene timameza magetsi akakwera modzidzimutsa, ndipo m'zodula zambiri amaikamonso sefa yochotsa timafunde tothamanga timene timasokoneza kanema ndi wailesi. Sefayo imalola magetsi a ka 50 pa sekondi kudutsa, koma chilichonse chogwedera mofulumira kwambiri imachiona ngati litsiro. Nanga uthenga wa kaadaputa ndi chiyani? Ndi timafunde tothamanga tomweto. Minibasi ija imadutsa pa rodibuloko bwinobwino ndi anthu ake, koma kalata amailanda. Ndipo ine ndinali nditaika marodibuloko awiri, wina potulukira wina polowera. Gadi akakhala wabwino kwambiri, ndiye kuti kwa timaadaputa ndi woipa kwambiri. Zomwezo zimachitika ndi mabokosi a batire osungira kompyuta magetsi akazima, ndi makina owongola mavoti.

Tinayesanso ekisitenshoni wamba ya pamsika, yopanda chitetezo chilichonse, imene ndinali nditailanda kwa mwana n'kuibisa pamwamba pa wadiropu. Pa imeneyo kagetsi kanayaka, ngakhale liwiro linatsika titabayapo zinthu zina. Yotchipa, yonyozeka, yoletsedwa m'nyumba mwanga, ndiyo inadutsitsa uthenga.

Panali kanthu kenanso kamene ndinali ndikukayang'ana masiku 9 osakaona. Kumaso kwa kaadaputa kalikonse kuli soketi ya mabowo atatu. Ine ndinkaiyesa chokongoletsera, kapena malo obayapo kanzake posunga. Ntchito yake ndi yoti soketi ya pakhoma isatayike: kaadaputa kalowe pakhoma, ndiye ekisitenshoni ibayidwe pa kaadaputako. Kanema, dikoda ndi rauta zimakhalabe kuseri kwa gadi wawo, ndipo sefa ya m'kaadaputamo imathandiza kuti phokoso lawo lisalowe m'njira ya uthenga. Zipangizo zonse zofunika ndinali nazo kuyambira tsiku loyamba. Ndinangozivala chamkati kunja.

Sindinganame kuti kuchokera apo zinangoti myaa. Patapita masiku awiri, madzulo, intaneti ya kuchipinda inayamba kuyenda ngati nkhono, kagetsi kapakati katasintha mtundu, chimene pa tanga chimatanthauza kuti tikumvana koma movutikira. M'mawa zinali bwino, madzulo zinayambiranso. Chala changa chinanyamuka chokha kulunjika kubatani. Mwana anangokhosomola. Tinayamba kuzula zinthu chimodzichimodzi kufupi ndi kaadaputa, ndipo wolakwa anapezeka kuti ndi tchaja cha foni chotchipa chimene ndinagula kwa mnyamata wina padepoti, chimene ndimabaya pa bowo lachiwiri la soketi ya pabalaza ndikaweruka kuntchito. Matchaja otere amatayira phokoso m'waya, m'dera lomwelo la timafunde timene timaadaputa timalankhuliramo, ndipo likakhala pakhutu penipeni pa kaadaputa limaphimba mawu ofooka ochokera kuchipinda. Titachisamutsira pa ekisitenshoni ya gadi, kuseri kwa sefa, kagetsi kanabiriwiranso. Gadi wanga anapeza ntchito yomuyenera: kutsekera phokoso langa lomwe.

Usiku wina ndinapezanso kaadaputa ka kuchipinda kakuphethira pang'onopang'ono, timagetsi tina titazima, ndipo ndinadzutsa nyumba yonse. Kanali katangogona. Kompyuta ikazimitsidwa kwa mphindi zingapo, nako kamapuma posunga magetsi, n'kudzuka kokha kompyuta ikayaka. Za nambala 600 yolembedwa mwamatama pakabokosi, imeneyo musaiwerengere. Bowo la chingwe pa tanga silipitirira 100, ndipo kuchipinda kumafika zosakwana theka la zimenezo. Kwa ife n'zokwanira, poti intaneti imene timagula ndi yochepa kuposa pamenepo.

Chimene sichinathe ndi mantha anga. Timaadaputa tiwiri tsopano tili pakhoma opanda gadi, m'dziko limene magetsi amapita osatsanzika n'kubwera osagogoda. Mmisiri uja anandiuza kuti pali chotetezera chimene amachimanga m'bokosi la maswichi momwemo, choteteza nyumba yonse, koma nyumba ndi ya eni, ndipo nkhope yawo ija ndikuikumbukirabe. Ndiye ndinadzipatsa udindo. Magetsi akazima, kapena mabingu akayamba kugunda cha ku Michiru, ndimadzuka kukazula tonse tiwiri, ndipo ndimatibwezera magetsi akabwera n'kukhazikika. Gadi wa timaadaputa ndine ndemwe, wopanda malipiro, wovala kabudula wogonera ndi tochi ya pafoni.

Achemwali anaimba foni sabata yatha kufunsa ngati zinthu zija zinagwira. Ndinati zinagwira bwino kwambiri, panali chabe timavuto tating'ono ta mawaya a nyumba zakale. Ndinamva lichero likuikidwa pansi kuseri kwanga.

"Bambo, tandipatsani foniyo ndiwapatse moni alamu anga."

Anakalankhulira kuchipinda, chitseko chotseka, mphindi 40. Kuseka kwa ku Britain kunkamveka mpaka pabalaza, kudutsa makoma atatu ndi bafa.